Lendi ya nyumba zinayi: ndani walipira mpaka liti?

Mukafunsa mwini nyumba wa ku Chilinde, ku Ndirande kapena ku Chibavi ngati wa lendi wake wapereka ndalama mwezi uno, akuyankhani nthawi yomweyo. Koma mukamufunsa kuti munthuyo walipira mpaka liti, muona akuvundukula kope, akufufuza mameseji m'foni, mwinanso akuitana mayi akunyumba kuti akumbutsane. Funso lachiwirili ndi limene limayambanitsa anthu. Wa lendi amati ndinamaliza za Meyi, mwini nyumba amati zimene munaperekazo zinali zotsalira za Epulo, ndipo nthawi zambiri palibe amene akunama mwadala. Aliyense akungokumbukira mbali yake.

Gwero la chisokonezochi ndi kalembedwe ka m'kope. Pafupifupi aliyense amalemba mofanana: mayina kumanzere, miyezi pamwamba kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo munthu akalipira amachongedwa pa mwezi wake. Kalembedweka kamayenda bwino ngati aliyense akupereka ndalama yonse pa tsiku lake. Nanga wa lendi ya K120,000 akabwera ndi K70,000 n'kunena kuti yotsalayo akalandira, mumuchonga kapena ayi? Nanga uja wapereka miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, yomwe ikudutsa mpaka chaka chamawa? Ambiri akagula kompyuta amangosamutsira kalembedwe komweka pa sipuredishiti, ndipo vutolo limasamuka nawo.

Njira yomwe ndikufuna kufotokoza pano yatsamira pa lamulo limodzi: munthu azilemba zokhazo zimene zachitikadi, kuti pa tsiku lakuti kwabwera ndalama zakuti kuchokera ku nyumba yakuti. Ngongole, tsiku lolipira ndi masiku ochedwa zisamalembedwe ndi dzanja. Zimenezo aziwerengera ndi makina. Mutha kugwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, ndipo mafomula onse ali m'munsimu amagwira ntchito konse kuwiri. Kumanga kwake kumaphweka pa kompyuta, koma mukamaliza mutha kumalembamo pa foni.

Masamba awiri basi

Tsegulani fayilo yatsopano, mupangemo masamba awiri. Loyamba mulitche `Malipiro`, lachiwiri `Nyumba`. Mayinawa muwalembe chimodzimodzi chifukwa mafomula aziwaitana.

Tsamba la `Malipiro` ndi limene muzilikhudza kawirikawiri. Lili ndi makolamu asanu: A ndi tsiku limene ndalama yafika, B ndi nambala ya nyumba, C ndi kuchuluka kwa ndalama, D ndi njira yomwe yadzera, kaya pamanja, kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo E ndi umboni wake, yomwe ndi nambala ya lisiti kapena nambala ija imabwera m'meseji ya foni. Ndalama iliyonse ikafika imatenga mzere wakewake. Munthu akapereka katatu m'mwezi umodzi, mizere ikhala itatu. Palibe kolamu yofunsa kuti ndalamayi ndi ya mwezi uti, ndipo mwadala. Mukangoyamba kugamula nokha kuti iyi ndi ya Epulo, iyi ndi ya Meyi, mwabwerera ku mkangano uja.

Tsamba la `Nyumba` lili ndi mzere umodzi pa wa lendi aliyense. Makolamu anayi oyamba mumalemba nokha kamodzi kokha: A ndi nambala ya nyumba, monga `N1` kapena `N2`, B ndi dzina la wokhalamo, C ndi lendi ya pamwezi, D ndi tsiku limene mgwirizano unayamba. Kuyambira E mpaka J muli mafomula okhaokha. Pambali, m'kabokosi ka `M1`, mulembe `=TODAY()` kuti tsiku la lero lizisintha lokha m'mawa uliwonse.

Kuti tione bwino, tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi nyumba zinayi ku Lilongwe ndipo lero ndi pa 20 Juni 2025. Ngati mukufuna kutsatira chitsanzochi pa kompyuta yanu, lembani tsikuli m'kabokosi ka `M1` poyamba, fomula ya `TODAY` mudzaibwezeretse mukatha kuyeserera. Nyumba ya N1 ndi ya K80,000 pamwezi ndipo wokhalamo analowa pa 1 Januwale. Iyeyu amalipira miyezi itatu pakamodzi: anapereka K240,000 tsiku lolowa ndi K240,000 ina pa 3 Epulo. Nyumba ya N3 ndi ya K65,000, wokhalamo analowa pa 1 Malichi n'kuperekeratu K390,000 ya miyezi isanu ndi umodzi. Ya N4 tiisunge kaye. Nkhani yeniyeni ili pa N2, ya K120,000, yomwe wokhalamo analowa pa 15 Febuluwale. Mizere yake pa tsamba la `Malipiro` ikuoneka motere:

```
2025-02-15   N2   120000
2025-03-17   N2   120000
2025-04-20   N2    70000
2025-05-02   N2    50000
2025-05-28   N2    60000
```

Bamboyu si wothawa ngongole ayi. Sipadutsa nthawi yaitali asanatumize kenakake, ndipo amatumiza ndi mawu aulemu. Mwini nyumba akangoganizira pamtima, amaona ngati munthuyu watsalira pang'ono chabe, poti anatumiza posachedwapa. Tiyeni tione zimene masamu akunena.

Funso loyamba ndi lakuti tsiku lolipira lakwana kangati kuchokera pamene analowa. M'kolamu E mulembe:

```
=DATEDIF(D2,$M$1,"m")+1
```

`DATEDIF` imawerenga miyezi yathunthu pakati pa masiku awiri. Kuchokera pa 15 Febuluwale kufika pa 20 Juni pali miyezi yathunthu inayi. Tikuwonjezerapo umodzi chifukwa lendi imaperekedwa mwezi ukamayamba, munthu asanagonemo, ndiye tsiku lolowa lenilenilo ndi tsiku loyamba lolipira. Yankho la N2 ndi 5. Ngati mgwirizano wanu ndi wolipira mwezi ukatha, chotsani `+1`. Zizindikiro za `$` zija ndi zokhomerera `M1` pamalo pake, kuti pokopera fomulayi m'mizere ya m'munsi isatsetserekere ku `M2` ndi `M3` komwe kulibe kanthu.

Makolamu atatu otsatira ndi osavuta. F ndi ndalama zimene zimayenera kukhala zitaperekedwa, G ndi zimene zaperekedwadi, H ndi kusiyana kwake:

```
F2:  =E2*C2
G2:  =SUMIF(Malipiro!B:B,A2,Malipiro!C:C)
H2:  =F2-G2
```

Fomula ya G ikunena kuti: pita ku tsamba la `Malipiro`, yang'ana m'kolamu B mizere yonse yomwe ili ndi nambala ya nyumba ino, uphatikize ndalama zake za m'kolamu C. Pa N2, zoyenera ndi K600,000, zoperekedwa ndi K420,000, ngongole ndi K180,000. Umenewo ndi mwezi umodzi ndi theka, kwa munthu amene mwini nyumba amamuona ngati watsalira pang'ono.

Kolamu yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi I, chifukwa ndi imene imayankha funso lovuta lija:

```
I2:  =EDATE(D2,INT(G2/C2))
J2:  =IF(H2>0,$M$1-I2,0)
```

Mkati mwa fomula ya I, ndalama zonse zoperekedwa zikugawidwa ndi lendi ya pamwezi. K420,000 kugawa ndi K120,000 ikupereka 3.5, ndipo `INT` imadula theka lija n'kusiya 3, kutanthauza miyezi itatu yolipiridwa mokwanira. Kenako `EDATE` imayenda miyezi itatuyo kuchokera pa tsiku lolowa n'kukaima pa 15 Meyi. Limenelo ndi tsiku limene ndalama za bamboyu zinathera, ndiponso ndi tsiku limene amayenera kubweretsa lendi yathunthu ina. Kolamu J ikuwerenga masiku kuchokera pamenepo kufika lero, ndipo ikupeza 36. Mukaona nambala yachilendo ngati 45792 m'kolamu I musadabwe. Makinawa amasunga tsiku ngati nambala, ndiye mungosankha kolamu yonseyo n'kuiuza kuti izionetsa ngati tsiku kudzera pa `Format`. Kolamu J nayo nthawi zina imadzisandutsa tsiku yokha, ndipo muyenera kuibweza kuti ikhale nambala wamba.

Taonani mmene izi zimasinthira kukambirana kwa anthu awiriwa. M'malo monena kuti bambo muli ndi ngongole, zomwe zimayambitsa kukanirana, mwini nyumba atha kunena kuti ndalama zonse zomwe mwatumiza ndi izi, kasanu, zonse pamodzi K420,000, ndipo zikukufikitsani pa 15 Meyi n'kutsala K60,000 ya mwezi wotsatira. Wa lendi atha kutsegula foni yake n'kufananiza meseji iliyonse ndi mzere wake. Ngati pali ndalama yomwe sinalembedwe, ionekera pomwepo, ndipo nthawi zina wolakwa amakhala mwini nyumba, makamaka pa ndalama zija zimasiyidwa kwa mwana pakhomo.

Mukakopera mafomulawa m'mizere yonse, N1 ionetsa ngongole ya ziro ndi tsiku lolipira la 1 Julayi. N3 ionetsa `-130000`, kutanthauza kuti wokhalamo ali patsogolo ndi miyezi iwiri, ndipo tsiku lake ndi 1 Seputembala. Apa pali msampha. Mukaphatikiza kolamu H yonse ndi `SUM`, K130,000 ya wolipiriratu uja idya ngongole ya mnzake, ndipo muona ngati anthu akusungirani K50,000 yokha. Koma ndalama ya N3 munaidya kale, siingakwirire dzenje la N2. Phatikizani okhawo amene ali ndi ngongole:

```
=SUMIF(H2:H20,">0")
```

Pali malire amodzi oti muwadziwe. Kolamu H imawerenga mwezi ndi mwezi, ndiye pa 1 Julayi idzanena kuti wa N1 akuyenera K80,000, pomwe mgwirizano wake ndi wopereka K240,000. Kwa olipira miyezi itatu pakamodzi, dalirani kolamu I kuti ikuuzeni tsiku, kuchuluka kwa ndalamako mukukudziwa kale.

Lendi ikakwera

Tsopano tibwerere ku N4, chifukwa apa ndi pamene masipuredishiti ambiri a lendi amawonongekera mwakachetechete. Wokhalamo analowa pa 1 Januwale pa K100,000, ndipo anagwirizana ndi mwini nyumba kuti kuyambira pa 1 Meyi azipereka K115,000. Sanaphonyepo mwezi. Wapereka K100,000 kanayi ndi K115,000 kawiri, zonse pamodzi K630,000.

Chomwe dzanja limathamangira ndi kufufuta 100000 m'kolamu C n'kulembapo 115000. Mukatero, fomula ichulukitsa mtengo watsopanowo ndi miyezi yonse isanu ndi umodzi n'kupeza K690,000, ndipo munthu wosalakwa aoneka ndi ngongole ya K60,000. Sipatuluka chenjezo lililonse, chifukwa kwa makinawo masamu ali bwinobwino. Mungazindikire pokhapokha mutadabwa kuti ngongole yatulukira bwanji tsiku lomwe mwasintha mtengo.

Kukonza kwake ndi kuona mzere uliwonse ngati mgwirizano, osati ngati nyumba. Mtengo ukasintha, mgwirizano wakale watha ndipo watsopano wayamba. Wonjezerani kolamu K ya tsiku lomaliza la mgwirizano, ndipo fomula ya E muisinthe m'mizere yonse kuti ikhale:

```
=DATEDIF(D2,MIN($M$1,K2),"m")+1
```

K ikakhala yopanda kanthu, kuwerenga kumafika mpaka lero monga kale. Ikakhala ndi tsiku, kumaima pamenepo. Mzere wakale wa N4 muutseke ndi 30 Epulo, ndipo mutsegule mzere wina wa `N4B` woyambira pa 1 Meyi pa K115,000. Ndalama zonse zamtengo watsopano muzizilemba pa `N4B`. Samalani kuti tsiku lotsekera likhale 30 Epulo, osati 1 Meyi, chifukwa tsiku limodzi lokhalo liwonjezera mwezi wathunthu pa mzere wakale. Ngati munthu anali ndi ngongole pa mtengo wakale, ikhalabe ikuoneka pa mzere wakalewo mpaka ataimaliza, ndipo ndalama yobwezera ngongoleyo muilembe pa nambala yakale.

Chimodzimodzi wa lendi akatuluka n'kulowa wina. Musafufute dzina lakale n'kulembapo latsopano, chifukwa wolowa kumeneyo atengera malipiro ndi ngongole za mnzake. Tsekani mzerewo, tsegulani wina.

Zolakwika zimene sizidzionetsa

Mafomula akakhazikika sakonda kuvuta. Chomwe chimavuta ndi zala zathu pa tsamba la `Malipiro`. Munthu wazolowera kulemba K80,000 ndi chilembo cha K kutsogolo, ndipo akalemba choncho m'kabokosi, makina amaona ngati ndi mawu, osati nambala, n'kuidumpha pophatikiza. Lembani manambala okhaokha. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: nambala yeniyeni imakhala kumanja kwa kabokosi, yosanduka mawu imakhala kumanzere.

Masiku nawo ali ndi vuto lawo. Kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa chimereka, mwezi poyamba. Mukalemba 3/4/2025 mukutanthauza 3 Epulo, iwo amva 4 Malichi, ndipo 17/3/2025 aikana n'kuisiya ngati mawu poti kulibe mwezi wa nambala 17. Pa tsamba la `Nyumba` cholakwika chotere m'kolamu D chimasokoneza mzere wonse. Mu Google Sheets pitani pa `File`, kenako `Settings`, musinthe `Locale` kukhala `United Kingdom`. Apo ayi, zolowerani kulemba chaka poyamba, monga `2025-04-03`, komwe sikusokoneza makina. Ndi bwinonso kuuza kolamuyo kuti izionetsa mwezi ndi dzina lake kuti diso ligwire msanga. Ndipo ngati wa lendi analowa pa 29, 30 kapena 31, gwirizanani naye tsiku lina lolipira, monga pa 1, n'kuwerengera padera masiku oyambawo, chifukwa Febuluwale nthawi zambiri alibe masiku amenewo ndipo mafomula awiri aja satha kugwirizana pa mwezi umenewo.

Cholakwika chachitatu ndi nambala ya nyumba. `N2` ndi `N 2` kwa inu ndi chinthu chimodzi, koma kwa `SUMIF` ndi nyumba ziwiri, ndipo ndalama yolembedwa pa nambala yolakwika imangosowa osapita kwa aliyense. Tsekani khomo limeneli ndi `Data validation`, yomwe ili pansi pa `Data`: muuze kolamu B ya `Malipiro` kuti izingolandira manambala omwe ali m'kolamu A ya `Nyumba`, ndipo muzisankha pa kamndandanda m'malo molemba. Kuwonjezera apo, ikani mlonda pakona ya tsamba la `Nyumba`:

```
=SUM(Malipiro!C:C)-SUM(G2:G20)
```

Yankho lake liyenera kukhala ziro nthawi zonse. Likakhala 60000, ndiye kuti pali K60,000 yomwe inalembedwa koma sinapeze mwini wake, ndipo mukudziwa kale kukula kwa ndalama yoti muifunefune. Likatsika pansi pa ziro, mwina nambala imodzi ya nyumba yalembedwa kawiri pa tsamba la `Nyumba`.

Za mitundu ndingonena mwachidule, poti anthu amataya nthawi yambiri pokongoletsa. Lamulo limodzi la `Conditional formatting` ndi lokwanira: musankhe mizere yonse kuyambira wachiwiri, muike fomula ya `=$J2>7`, kuti aliyense wochedwa kupitirira sabata afiire. Ngati mumapatsa anthu masiku asanu owapumira, ikani 5.

Ndalama zomwe si lendi

Dipoziti isalowe m'tsamba la `Malipiro`. Ikalowamo, munthu aoneka ngati walipiriratu mwezi wina, ndipo tsiku lake lolipira lisunthira kutsogolo molakwika. Dipoziti ndi ndalama ya wa lendi yomwe mwangomusungira, ndiye ikhale m'kolamu yakeyake, ya L, yomwe fomula iliyonse siikuikhudza. Akamatuluka mutagwirizana kuti dipozitiyo ilipire mwezi womaliza, pamenepo ndi pomwe mumailemba ngati malipiro, pa tsiku lomwe mwagwirizanalo.

Bilu ya madzi ya pa mpopi wa onse nayonso isasakanizidwe ndi lendi. Wina akatumiza K85,000 n'kunena kuti K5,000 ndi ya madzi, pa tsambali palowe K80,000 yokha. Yotapira nayo, ija munthu amawonjezera potumiza pa foni kuti mukatape kwa ejenti osadulidwa, si lendi. Koma wa lendi akakonzetsa chitseko kapena mpopi ndi ndalama yake mutagwirizana kuti idulidwe pa lendi, imeneyo ilembeni ngati malipiro enieni, m'kolamu D mulembe kuti zokonzetsa, m'kolamu E nambala ya lisiti la kusitolo. Mukapanda kutero idzaoneka ngati ngongole mpaka kalekale. Momwemonso ngati nyumba yanu ikuchitidwa lendi ndi kampani kapena bungwe lomwe limadula msonkho n'kukaupereka ku MRA lisanakulipireni: ndalama yofika kubanki ikhale mzere umodzi, yodulidwayo mzere wina wokhala ndi nambala ya chikalata chake cha msonkho.

Eni nyumba ena ali ku Joni kapena ku Mangalande, ndipo wotolera lendi ndi mchimwene kapena mlamu kumudzi kuno. Kwa otere Google Sheets ndi yothandiza chifukwa fayilo imodzi imatseguka mbali zonse ziwiri. Wotolerayo apatsidwe mwayi wolemba, koma tsamba la `Nyumba` litsekedwe ndi `Protect sheets and ranges` kuti chala chisafufute fomula mwangozi pa foni. Wa lendi yekha musamutumizire fayilo yonse, chifukwa muli mayina ndi ngongole za anzake oyandikana nawo khomo. Akafuna kuona zake, gwiritsani ntchito `Filter` pa kolamu B ya `Malipiro` kuti patsale mizere ya nyumba yake yokha, mujambule chithunzi cha mizereyo n'kumutumizira. Lisiti la pepala pitirizani kupereka pa ndalama iliyonse yapamanja, popeza sipuredishiti mumailemba nokha ndipo wa lendi sasainapo.